RSI, CCI ndi Williams %R: chilichonse chimayeza chake

"Akuluakulu, pa tchati changa cha golide ndaika RSI, CCI ndi Williams %R, zonse pa 14. Dzulo %R inali pa -10, RSI pa 55, CCI kupitirira 200. Ndikhulupirire chiti? Kapena ndizidikira zonse zigwirizane ndiye ndigulitse?"

Achimwene, palibe chimene chanama pa zitatuzi. Zizindikiro zitatuzi, zimene zimawerengedwa kuchokera ku mitengo ya pa tchati, zikuoneka ngati za bere limodzi chifukwa zonse zimakhala m'munsi mwa tchati n'kumakwera ndi kutsika, koma chilichonse chimafunsa mtengo funso lakelake.

RSI anaitulutsa ndi J. Welles Wilder mu 1978. Imayang'ana mitengo yotsekera yokha, n'kuyerekeza mmene mtengo wakhala ukukwerera ndi mmene wakhala ukutsikira. Williams %R ya Larry Williams ilibe nazo ntchito zimenezo. Imatenga mtengo wapamwamba kwambiri, HH, ndi wotsika kwambiri, LL, pa makandulo 14 apitawa, kandulo lililonse likuimira mitengo ya nthawi imodzi monga tsiku, n'kufunsa kuti lero tatsekera pati pakati pa awiriwa. CCI, imene Donald Lambert anaifalitsa mu 1980, imayeza kuti mtengo wa lero watalikira bwanji ku avereji yake, poyerekeza ndi mmene umatalikirira masiku onse.

```
RSI = 100 - 100 / (1 + AvgGain / AvgLoss)
%R  = (HH - Close) / (HH - LL) * -100
TP  = (High + Low + Close) / 3
CCI = (TP - SMA(TP)) / (0.015 * MeanDeviation)
```

Tiyeni tipange msika wongoyerekeza, manambala ake ophweka oti mungawerengere papepala. Mtengo ukungozungulira malo amodzi: lero watseka pa 100, mawa pa 101, mkuja pa 100, kwa milungu ingapo. Tsiku lililonse umakwera kufika 101.2 ndi kutsika kufika 99.8. Msika wogona, palibe chikuchitika.

Tsiku lotseka pa 101, %R imakhala 0.2 kugawa ndi 1.4, zomwe zikupereka -14. Yadutsa mzere wa -20, ndiye amene anaphunzitsidwa kuti pamenepo mtengo wakwera mopyola muyeso akuthamangira kugulitsa. M'mawa mwake mtengo watseka pa 100, %R ili pa -86, yadutsanso mzere wa -80 mbali inayo. Pa masiku awiri okha yafuula kawiri, pomwe mtengo wasuntha ndi 1 basi. RSI nthawi yonseyi ikungosinthana pakati pa 52 ndi 48, chifukwa zokwera ndi zotsika zikulingana. CCI ikusinthana pakati pa +67 ndi -67, siikufika pa 100.

Tsopano tsiku lina, dzulo lake titatseka pa 101, mtengo wathyola mpanda. Wakwera kufika 104.3, sunatsike kupyola 101, watseka pa 104. Apa ndiye muone bwino.

%R yachoka pa -14 kufika pa -7. Tsiku lalikulu kwambiri m'mwezi wonse, koma iyo yasuntha pang'ono chabe, chifukwa denga lake lakwera limodzi ndi mtengo. Siitha kusiyanitsa kutsekera pamwamba pa kachipinda kakang'ono ndi kutsekera pamwamba pa nyumba yosanja. RSI yachoka pa 52 kufika pa 61. Yamva, koma mwaulesi, poti Wilder amapatsa kandulo latsopano gawo limodzi lokha mwa magawo 14, otsalawo n'kukhala a mbiri yakale. Mzere wa 70, pamene anthu a RSI amati mtengo wakwera mopyola muyeso, ukadali patali. CCI nayo: TP ya lero, imene ndi avereji ya mtengo wapamwamba, wotsika ndi wotsekera, ndi 103.1, avereji ya TP pa makandulo 14 ndi 100.70, ndiye kusiyana ndi 2.40. Kutalikira kwa masiku onse ndi 0.343 yokha. Mukagawa 2.40 ndi 0.015 kuchulukitsa 0.343, mupeza pafupifupi 467. Yadumpha kuchoka pa 67 kufika pa 467 tsiku limodzi.

Zimene mwaona pa golide zikufanana ndi chithunzi chimenechi: RSI pakatikati, %R pafupi ndi denga, CCI m'mwamba. Kawirikawiri zikatero ndiye kuti msika unali phee kenako wadzuka mwamphamvu. Si chizindikiro choti mtengo watopa. Lambert mwini wake ankatenga kudutsa +100 ngati nthawi yogula, n'kutuluka CCI ikabwerera pansi pa +100. Anthu ambiri m'magulu athu ano amaiwerenga mozondotsa, ngati kuti 100 ya CCI ndi 70 ya RSI. Nambala ija ya 0.015 anaisankha n'cholinga choti CCI izikhala pakati pa -100 ndi +100 nthawi zambiri, kuti ikatuluka m'menemo udziwe kuti lero si tsiku wamba.

Pali chinanso chimene ndikufuna muchiyese nokha. Mtengo ukamakwera mofanana tsiku ndi tsiku, ngati masitepe, CCI ya 14 imakhazikika pafupi ndi +124, ya 20 pafupi ndi +127, kaya masitepewo ndi aakulu kapena aang'ono. Imakhala pompo mpaka kukwerako kutasintha. %R nayo imamatirira pamwamba pa -20, RSI pamwamba pa 70. Zonse zitatu zagwirizana tsopano, monga mumafunira, ndipo zimene zagwirizanazo n'zakuti mtengo ukukwera mwamphamvu. Mukagulitsa chifukwa cha mgwirizano umenewo, mwaima kutsogolo kwa galimoto.

Ine zinandichitikira. Ndinakhala usiku ndi foni m'manja, golide akukwera, mizere itatu yonse ili kumwamba. Ndinagulitsa, mtengo unapitirira. Ndinagulitsanso kachiwiri ndikudziuza kuti mboni zitatu sizinganame, ndipo `Stop Loss`, imene imatseka malonda mtengo ukafika pa malire a kuluza, ndinaikankhira kutali kuti isandigunde. Pofika m'mawa ndalama imene ndinasunga kwa miyezi inali itatha theka. Chimene sindinamvetse nthawi imeneyo n'chakuti sizinali mboni zitatu. Zonse zimamwa pa chitsime chimodzi, mitengo ya makandulo omwewo, ndiye kugwirizana kwake sikuwonjezera umboni weniweni.

N'chimodzimodzinso ndi amene amaika chizindikiro china chotchedwa Stochastic pambali pa %R. Mzere wake wa %K wosasalazidwa ndi %R yomweyo, mwangowonjezera 100. Pamene %R ili -14, %K ili 86.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kuyang'ana mtengo weniweniwo, ndione ngati uli m'khola kapena uli pa ulendo. Ngati ukugunda denga lomwelo ndi pansi pomwepo kangapo, %R imathandiza kukuuzani msanga kuti mwafika m'mphepete, bola kholalo likhale lalikulu moti phindu lipose zimene mumalipira polowa ndi potuluka. Musalowe ikangodutsa -20, dikirani ibwerere pansi pake kandulo litatseka. Ngati msika wakhala chete ndipo mukudikira kuti udzuke, CCI ndi imene imakuwa koyamba, ngakhale imakuwanso pa kudumpha kwabodza kumene kumabwerera m'khola mawa lake. RSI ndimaisunga pa funso lalitali, lakuti mphamvu ili mbali iti. Pa ulendo wokwera, mtengo ukabwerera pang'ono RSI imakonda kuima cha m'ma 40 n'kukweranso, ndipo ikayamba kuboola pamenepo n'kulephera kubwerera kumwamba, ndimachepetsa zimene ndagula.

Onaninso nambala ya makandulo musanayerekeze tchati chanu ndi cha mnzanu. Pa MetaTrader CCI imabwera ili pa 14, pa TradingView ili pa 20, ndiye anthu awiri atha kukangana pa golide yemweyo ola lomwelo. Chotsani ziwiri, musiye chimodzi chogwirizana ndi msika umene muli nawo, ndipo muchiyese pa akaunti ya demo, mukulemba m'kope malonda aliwonse ndi chifukwa chimene munalowera, musanaikepo ndalama yeniyeni.