Kupulumutsa Mafayilo pa Laputopu Yokana Kuyaka Pogwiritsa Ntchito Fulashi

"Laputopu yanga ya Windows ikayatsidwa imangolemba kuti Preparing Automatic Repair, kenako n'kuyambiranso. Muli zolemba zanga za kusukulu ndi zithunzi za banja, ndipo sindinazisunge kwina kulikonse. Ena akuti ndiikemo Windows yatsopano. Kodi mafayilo anga angapulumuke?"

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mwayi ulipo waukulu ndithu, koma musalole kaye kuti munthu aikemo Windows yatsopano, chifukwa ntchito imeneyo imalemba zinthu pa disiki yomwe ili ndi mafayilo anu, ndipo wochita mosasamala angathe kufufuta zonse. Kuyambira pano mpaka mafayilo atakopedwa, disiki ya m'kati mwa laputopuyo iyenera kuwerengedwa kokha, osalembedwa chilichonse. Lekaninso kuiyatsa mobwerezabwereza, popeza ngati vuto lili pa hadi disiki imene yayamba kufooka, kuyatsa kulikonse kukuipititsa kufupi ndi mapeto ake.

Zoti sikirini ikuonetsa mawu zikutanthauza kuti makinawo ali moyo, ndipo kawirikawiri chimene chalephera ndi Windows kapena disiki imene Windows ikukhalamo. Tingathe tsono kuilambalala Windows poyatsa laputopuyo ndi Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, yochokera pa fulashi. Ubuntu yoteroyo imayenda kuchokera pa fulashi ndi mu memore ya kompyuta, ndipo disiki ya m'kati imangoiona ngati malo osungira zinthu amene mungatsegule. Mufunika kompyuta ina yabwinobwino, fulashi ya 16 GB yopanda zinthu zofunika chifukwa idzafufutidwa yonse, ndiponso disiki yapadera yokopera mafayilowo. Pa kompyuta yabwinoyo tengani fayilo ya ISO ya Ubuntu Desktop ku ubuntu.com, kenako muilembe pa fulashi ndi pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher. Kungoikokera fayiloyo pa fulashi sikuthandiza, chifukwa fulashi yotero siyatsa kompyuta.

Lowetsani fulashi mu laputopu yodwalayo ili yozima, ndipo mukangoiyatsa dinani mobwereza batani lotsegula mndandanda wa zoyatsira, lomwe kawirikawiri limakhala F12 pa Dell ndi Lenovo, ndipo F9 pa HP. Sankhani fulashi, ndipo Ubuntu ikakufunsani chochita, sankhani Try Ubuntu. Apa m'pofunika kuwerenga modekha, chifukwa Install Ubuntu, yomwe ili pambali pakepo, ndi njira imene ingakufikitseni pofufuta disiki yonse.

Musanatsegule foda iliyonse, funsani kaye za thanzi la disiki. Tsegulani pulogalamu ya Disks, sankhani disiki ya m'kati, ndipo ngati ili hadi disiki yozungulira, yang'anani pa SMART Data & Self-Tests. Mizere iwiri ndiyo yofunika: Reallocated Sector Count, imene ikuwerenga malo owonongeka amene disiki inawasiya kale, ndi Current Pending Sector Count, imene ikuwerenga malo amene ikulephera kuwawerenga panopa. Zonse zikakhala 0, mwachionekere vuto ndi la Windows yokha ndipo mungakope mosathamanga. Musayambitse mayeso aatali a pa tsamba limenelo, chifukwa amatopetsa disiki imene ili kale pangozi.

Tsopano tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, n'kulemba lamulo ili:

```
lsblk -f
```

Tiyerekeze kuti laputopu yanu ili ndi hadi disiki ya 500 GB. Mwina muona `sda1` ya mtundu wa `vfat`, yomwe ndi kachigawo kakang'ono koyatsira, kenako `sda2` yopanda mtundu, `sda3` ya `ntfs`, ndi `sda4` ya `ntfs` imene ndi kachigawo kokonzera Windows. Mafayilo anu ali mu chigawo chachikulu kuposa zonse, chomwe pano ndi `sda3`, ndipo kukula kwake mungakutsimikize mu Disks. Pa laputopu zatsopano dzina lake limakhala ngati `nvme0n1p3`. Chitseguleni motere:

```
sudo mkdir /mnt/win
sudo mount -o ro /dev/sda3 /mnt/win
```

Zilembo ziwiri za `ro` zikulamula kuti chigawocho chiwerengedwe kokha, ndipo ndizo zikuteteza mafayilo anu. Zimathandizanso pa vuto lina lofala. Windows ili ndi njira ya Fast Startup imene simatseka disiki mokwanira pozima, choncho Ubuntu nthawi zina imakana kutsegula chigawocho kuti ilembemo, n'kunena kuti chili mu unsafe state, pamene kuchiwerenga kokha kawirikawiri imalola. Mudzapeza malangizo ena olimbikitsa `ntfsfix` kapena `remove_hiberfile`, koma ine sindikuvomereza pa nthawi ino, chifukwa zonse ziwiri zimasintha zinthu pa disiki musanapulumutse kanthu.

Mu pulogalamu ya Files dinani Ctrl+L, lembani `/mnt/win/Users`, ndipo mulowe mu foda ya dzina lanu, momwe muli Documents, Desktop, Pictures ndi Downloads. Musayambe ndi kukopa foda yonse nthawi imodzi. Yambani ndi zimene simungazipezenso kwina, ndiye kuti zolemba za kusukulu, zomwe ndi zazing'ono ndipo zimatha m'mphindi zochepa, kenako zithunzi, ndipo nyimbo ndi mafilimu zibwere pomaliza. Disiki yokoperayo ikhale ya exFAT kapena NTFS, popeza FAT32 simalandira fayilo yoposa 4 GB. Ngati munkagwiritsa ntchito OneDrive, yang'ananinso mu foda ya dzina limenelo, pokumbukira kuti mafayilo ena m'menemo ndi maina chabe, enieniwo ali pa intaneti mu akaunti yanu. Mukamaliza, chotsani disiki yokoperayo mwadongosolo podina Eject, ndipo mukatsegule zolemba ndi zithunzi zingapo pa kompyuta ina kuti muone ngati zili bwino.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakuimitseni musanafike pokopa. Ngati `lsblk -f` yalemba `BitLocker` m'malo mwa `ntfs`, disikiyo ndi yokhomedwa, ndipo mufunika kiyi ya manambala 48 imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, kapena kwa oyang'anira makompyuta ngati laputopuyo ndi ya kuntchito. Popanda kiyi imeneyo palibe pulogalamu imene ingatsegule, ndipo wokulonjezani zosiyana ndi izi musamukhulupirire. Ngati disiki sikuoneka n'komwe, mwina mu BIOS, tsamba la makonzedwe a kompyuta lotsegulidwa poyatsa, yaikidwa pa Intel RST kapena RAID, ndipo kuisinthira ku AHCI kumachititsa kuti Ubuntu iione; lembani mmene zinalili kuti mudzazibwezeretse, chifukwa Windows singayake zikasiyidwa choncho.

Vuto lalikulu ndi pamene kukopa kukuima pa fayilo ina n'kulemba Input/output error, kapena pamene manambala a SMART aja sali 0. Zikatero lekani kukopa mafoda, chifukwa disiki imalimbana ndi malo owonongeka mobwerezabwereza pamene malo abwino akudikira. Lumikizani Ubuntu ku intaneti, ikani `gddrescue`, tsegulani Terminal mu foda ya disiki yapadera yokhala ndi malo oposa 500 GB, ndipo mujambule disiki yonse:

```
sudo add-apt-repository -y universe
sudo apt update
sudo apt install gddrescue
sudo ddrescue -n /dev/sda disiki.img disiki.map
```

Pulogalamuyi imayamba ndi malo osavuta n'kudumpha ovuta, ndipo fayilo ya `disiki.map` imasunga pamene yafika, kotero kuti magetsi akazima mudzapitiriza pomwepo. Mafayilo anu mudzawatenga mu `disiki.img` poitsegula ndi Attach Disk Image mu Disks, disiki yodwalayo ili pambali. Koma mukamva hadi disiki ikugogoda kapena kukwecha, izimitseni nthawi yomweyo ndipo musayese ngakhale `ddrescue`, chifukwa kumeneko ndi kuwonongeka kwa zitsulo za m'kati, ndipo amene angathandize ndi akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi chotsegulira ma disiki.