Mawu ochepa a pachikwangwani cha telala

Funso: Ndili ndi shopu yosoka ku Kawale, makina awiri, ine ndi mtsikana mmodzi wondithandiza. Timasoka yunifolomu za ana asukulu komanso zovala za ukwati ndi chinkhoswe. Ndikufuna kulembetsa chikwangwani chatsopano, ndipo pansi pa dzina la shopu pakhale mawu ochepa oti anthu aziwakumbukira. Ndaganiza awa: "Kuyambira kusukulu mpaka kuukwati." Mwamuna wanga akuti tingolemba "Zotchipa koma zabwino." Ndi ati abwino, kapena ndingawapeze bwanji oyenera? Mayi wa ku Kawale.

Yankho: Mayi, onse awiriwo musawalembe, ngakhale anuwo ndaona nzeru yake. Mwafuna kumanga ntchito zanu ziwiri ndi chingwe chimodzi, ndipo ndi zomwe zikufunikadi. Koma tawerengani mawuwo ndi maso a mphunzitsi wamkulu kapena amayi a m'komiti ya pasukulu, anthu omwe mukufuna kuti azikutumizirani makolo. Dziko lino lakhala likulimbana ndi kuchotsa atsikana pasukulu n'kuwakwatitsa, mpaka mu 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Chikwangwani chokhala ndi chithunzi cha mtsikana wa yunifolomu, pambali pake mkwatibwi wa velo, pansi n'kulemba kuti kuyambira kusukulu mpaka kuukwati, wina achimva mwa njira yomwe inu simunaganizeko n'komwe. Ndiponso ndi otalika: zilembo ndi mipata yake zikukwana 33, ndipo ndikuonetsani chifukwa chake chiwerengerochi chikuvuta.

A bambo akunyumbawo ali ndi vuto lina. Liwu loti "zotchipa" lingakope kholo la ana atatu lomwe likuwerengera ndalama ya makope ndi nsapato, koma limathamangitsa mkwatibwi. Palibe mtsikana amene amafuna kuti anzake akanene kuti diresi lake anasoketsa kwa zotchipa. Komanso mtengo wanu suli m'manja mwanu nokha. Mukukumbukira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 momwe nsalu, mazipi ndi ulusi zinakwerera m'mashopu a ku Bwalo la Njobvu. Penti wa pachikwangwani amakhala zaka, pomwe mtengo wa nsalu umasintha mwezi usanathe, ndiye tsiku lina mudzapezeka mukukangana ndi kasitomala amene akukulozerani mawu anu omwe. Za "zabwino" sindinena zambiri: telala aliyense kuyambira ku Biwi mpaka ku Chinsapo amanena zomwezo, choncho sizikusiyanitsani ndi wina aliyense.

Mawu a pansi pa dzina ntchito yake si kutchula zomwe mumasoka. Zimenezo zikhale ndi mzere wakewake wa zilembo zing'onozing'ono: yunifolomu, madiresi a ukwati, masuti, zachinkhoswe. Mawu amene mukufunawa akhale lonjezo limodzi, loyankha mantha amene munthu amabwera nawo pakhomo panu. Ndiye funso ndi lakuti, kodi kholo lonyamula muyeso wa mwana ndi mkwatibwi wonyamula chithunzi cha diresi pafoni akuopa chiyani chofanana?

Akuopa "mubwere mawa." Aliyense amene anasoketsapo amawadziwa mawu amenewa. Ine ndinaima ndekha pakhonde la telala wina Lachisanu madzulo, ukwati wa mphwanga uli Loweruka mmawa. Madiresi anayi a operekeza anali atapachikidwa pawaya, awiri akadali zidutswa pathebulo, choko chikuonekera pansalu, mapini atabayidwa m'mphepete. Telalayo ankasoka bwino kwambiri, msoko wake wowongoka ngati wa kufakitale, koma banja lathu silinabwererekonso. Ntchito zanu ziwirizi zikufanana pamenepa: zonse zili ndi tsiku losasunthika. Sukulu ikatsegulira Lolemba, yatsegulira. Ukwati abusa akaulengeza, holo italipiridwa, sungadikire zipi. Wosoketsa chovala cha kutchalitchi atha kudikira sabata ina, koma makasitomala anu onse awiri sangathe.

Choncho ine ndikanalemba kuti: "Tsiku lanu sitiphonya."

Tawatchulani mokweza muone momwe akugwera. Tsi-ku-la-nu, maphatikizo anayi, si-ti-pho-nya, anayinso. Mbali ziwiri zolingana chotere ndi zomwe zimachititsa kuti mawu akhale m'mutu ngati mwambi, munthu n'kuwanena mpweya umodzi. Liwu loti "lanu" likulankhula ndi wowerenga mwaulemu, ndipo aliyense amaikapo tsiku lake: kholo likumva Lolemba lotsegulira sukulu, mkwatibwi akumva Loweruka lake, wa chinkhoswe akumvanso lake. Simunatchule sukulu kapena ukwati, koma onse mwawayankha. Mudzati mukayamba kusoka zovala za kwaya kapena za bungwe la amayi, mawuwa adzagwirabe ntchito osasintha kalikonse.

Tsopano za kutalika. Olemba zikwangwani ali ndi kawerengedwe kawo: chilembo chotalika masentimita awiri ndi theka chimawerengeka bwino munthu ali pa mamita atatu. Ngati shopu yanu ili mamita 15 kuchokera pomwe anthu amadutsa kapena pomwe minibasi imaima, zilembo zikhale za masentimita 12 kapena 13. Pulayiwudi yathunthu imatalika masentimita 244, ndipo mukasiya malo m'mbali mumatsala ndi 220. Chilembo cha msinkhu umenewo chimadya pafupifupi masentimita 9 pamodzi ndi kampata kake, ndiye mzere umodzi ulowa zilembo ngati 24. "Tsiku lanu sitiphonya" ali ndi 21 kuwerengera ndi mipata, akwana bwinobwino. Anu aja a 33 wolembayo akanawapanikiza, kapena kuchepetsa zilembo mpaka wodutsa pa kabaza osaziona. Ngati bolodi lanu ndi laling'ono kuposa pamenepa, adulidwe pakati penipeni, "Tsiku lanu" pamwamba, "sitiphonya" pansi.

Mukapita kwa wolemba, mupatseni mawuwo papepala, ndipo ayambe walemba ndi choko pabolodi inu muli pomwepo asanatsegule chitini cha penti. Yang'anitsitsani h wa mu "sitiphonya". Akangomusiya, chikwangwani chinena kuti "sitiponya", lomwe ndi liwu lina, ndipo kukonza penti wamafuta atauma ndi ndalama inanso.

Koma Mayi, pano ndi pomwe ndikufuna mukhale pansi ndi kope lanu musanawononge ndalama. Mawu amenewa ndi ngongole. Mukawalemba n'kuphonya ukwati umodzi, adzakhala mawu omwe anthu akukunyozerani nawo, ndipo ku Kawale nkhani siichedwa kuzungulira. Lamulo nalonso silimalola malonda onamiza ogula, bungwe loteteza ogula la CFTC limalandira madandaulo otere, koma chomwe chingakupwetekeni msanga ndi pakamwa pa anthu. Vuto lalikulu lili mu Seputembala. Chaka cha sukulu chimayamba mwezi umenewo, nthawi yomwe ana ambiri amafuna yunifolomu zatsopano, ndipo ndi nyengo yomweyo ya chilimwe pomwe maukwati amachuluka mvula isanayambe. Ntchito zanu ziwiri zimakumana pakhomo limodzi.

Tiyeni tiwerengere, inu mudzaikemo manambala anu enieni. Tinene kuti makina amodzi amatulutsa yunifolomu zinayi patsiku, kudula, kusoka, mabatani ndi kusita. Makina awiri ndi 8 patsiku, masiku 6 pasabata ndi 48. Musalonjeze 48. Chotsani tsiku limodzi la magetsi ozima, la maliro, la lamba wa makina woduka, mutsala ndi 40. Ndiye pabwere ukwati wa diresi la mkwatibwi ndi operekeza 6. Ngati diresi likukutengerani masiku anayi ndipo la woperekeza aliyense tsiku limodzi, ndi masiku 10 a makina amodzi, kapena kuti sabata ziwiri zathunthu mwa kawerengedwe kathu ka masiku 5. M'sabata ziwirizo yunifolomu zatsala ndi makina amodzi okha, 20 pasabata. Kholo la nambala 21 likabwera, muyenera kulimba mtima n'kunena kuti sabata ino yadzaza, ndikupatsani Lachitatu la sabata yamawa. Ndalama yobweza pakhomo imapweteka, ndikudziwa, makamaka mwezi umene lendi ikudikira. Koma amene mwamuuza zoona amabweranso, kapena amabwera msanga teremu yotsatira.

Palinso zinthu ziwiri zoteteza lonjezoli. Tsiku lomwe mukulemba m'kope lisakhale la mwambo: ukwati wa Loweruka zovala zithe Lachiwiri, kuti Lachitatu ayese, patsale masiku awiri obweza m'chiuno kapena kupinda m'munsi. Ndipo muziuza kasitomala poyera kuti tsiku liyamba kuwerengedwa nsalu ikafika, muyeso wa onse utatengedwa, ndalama yoyambira italipiridwa. Operekeza ndi amene amachedwetsa kawirikawiri, wina ali ku Mzuzu, wina akutumiza muyeso pafoni woyezedwa ndi munthu wosadziwa kugwira tepi. Lembani zimenezi palisiti, pansi pa mawu anu aja.

Mukaona m'kope kuti chaka chathachi munachedwetsa anthu kangapo ndipo simunakonzebe chomwe chinachititsa, musalembe za tsiku. Tengani lonjezo lomwe mukulikwaniritsa kale. Ngati anthu amakuyamikirani kuti chovala chanu chimakhala thupi, awa angakuyenereni: "Muyeso wanu, msoko wathu." Nawonso ali ndi mbali ziwiri zolingana, zilembo 23 kuwerengera ndi mipata, ndipo akukusiyanitsani ndi yunifolomu zosokeratu za mumsika zomwe mwana amavala zikukhwepa. Mphamvu yake ndi yocheperapo poyerekeza ndi oyamba aja, chifukwa sakuyankha mantha aakulu, koma ndi oona kwa inu, ndipo a tsiku mudzawalemba mukadzakonzeka.

Musanasankhe, yesani pa anthu asanu amene si achibale: makolo awiri, mphunzitsi mmodzi, mayi wokongoletsa maukwati, ndi mtsikana amene ali pa chitomero. Auzeni mawuwo kamodzi kokha, osawafotokozera, ndipo mawa lake afunseni kuti paja ndinati chiyani. Akawabweza momwe alili anthu anayi, agwira. Akamasintha liwu limodzimodzi onse, mverani liwu lawolo, mwina ndi lomwe lili pakamwa pa anthu. Wina akafunsa kuti mukutanthauza chiyani, mawuwo sanapse. Afunseninso amene amalankhula Chitumbuka kapena Chiyao, poti Lilongwe ndi ya onse, ngati palibe liwu lomveka molakwika kwawo.

Mukasankha, akhale omwewo paliponse, osati pachikwangwani ena, pa WhatsApp ena. Pangitsani chidindo chodinda pamalisiti, ndipo dindani kapena sokerani kansalu kakang'ono mkati mwa kolala ya yunifolomu iliyonse, dzina la shopu, mawuwo ndi nambala ya foni. Yunifolomu imachapidwa sabata iliyonse n'kuyanikidwa pachingwe pomwe aneba akuona, ndipo mwana akakula imapita kwa mng'ono wake kapena kwa msuweni ku Mchesi, kansaluko kali pompo.