Musanagule ekisitenda, yambani mwayeza wayifayi

"Ndimachita lendi chipinda cha kuseri ku Rosettenville, ku Joni, ndipo wayifayi timagawana ndi eni nyumba. Ndikamaimba foni ya vidiyo kumudzi imangoduladula. Kodi ndigule ekisitenda?"

Achemwali, ndalama ya ekisitenda, kachipangizo kofikitsa wayifayi patali, isungeni kaye. Timizere ta wayifayi ta pamwamba pa foni sitinena zambiri. Mukufunika nambala yeniyeni. Ngati foni yanu ndi ya Android, ikani pulogalamu yaulere ya WiFi Analyzer, ndipo muilole kugwiritsa ntchito Location, apo ayi siona netiweki iliyonse. Pa iPhone ikani AirPort Utility, kenako muyatse Wi-Fi Scanner mu Settings.

Nambala yoti muziiyang'ana ndi ya dBm, imene imasonyeza mphamvu ya wayifayi. Imakhala ndi kamzere kutsogolo, choncho -50 ndi yamphamvu kuposa -70. Foni ya vidiyo imafuna pafupifupi -67 kapena yabwino kuposa pamenepo. Ikafika -80, ngakhale uthenga wa WhatsApp umapita mokakamiza.

Jambulani nyumbayo papepala, mupemphe eni nyumba kuti muyambire penipeni pa rauta, kabokosi kamene kamatulutsa wayifayi. Pamalo aliponse imani ndithu kwa mphindi yathunthu musanalembe. Ambiri amalakwitsa pamenepa: Android imangolola pulogalamu kufufuza kanayi pa mphindi 2 zilizonse, ndiye mukamayenda mothamanga mumalemba nambala ya chipinda chimene mwachokamo kale. Yezani zitseko zili mmene zimakhalira usiku, foni ili pamene mumaigwirira mukamaimba.

Tinene kuti pabalaza mwapeza -42, kukhitchini -58, pakhomo la kuseri -64, pabwalo -68, koma mutangolowa m'chipinda chanu -79. Kuchoka pabwalo kulowa m'chipinda, mtunda wadya pang'ono chabe. Chimene chakupwetekani ndi khoma lanu. Nyumba zakale za kuno ku Joni ndi za njerwa zochindikala, ndipo firiji kapena chitseko chachitsulo zikakhala pakati zimawonjezera vutolo. Ekisitenda yoikidwa m'chipinda cha -79 imangobwereza netiweki yofooka yomweyo. Malo ake ndi pakhomo la kuseri paja, pamene pali -64. Koma ine ndikanayamba ndi kupempha kuti rauta ichoke kuseri kwa wailesi yakanema, ikwere pamwamba pa kabati kufupi ndi khitchini, kenako n'kuyezanso njira yonse.

Onaninso ngati mwalumikiza ku 5 GHz kapena ku 2.4 GHz. Ya 5 imathamanga koma imalephera msanga pa makoma. Kuseri kumafuna ya 2.4.

Nanga nambala ikakhala yabwino, monga -60, koma vidiyo n'kumadulabe? Mu WiFi Analyzer tsegulani chithunzi cha matchanelo, njira zimene wayifayi imadutsamo, madzulo anthu ataweruka. Mukaona netiweki za oyandikana nawo zitaunjikana pa yanu, eni nyumba asinthire ya 2.4 GHz ku tchanelo 1, 6 kapena 11, imene ili ndi anthu ochepa. Ikamadulabe mutaima pafupi ndi rauta, vuto si makoma: mwina intanetiyo ikuchepera anthu onse a pakhomopo, kapena muimbire kampani imene imakupatsani fayiba.