Kuwerenga kugunda kwa mtima pa chithunzi cha pepala la ECG

Funso: Achimwene, mayi anga awayeza mtima kuchipatala ndipo mlongo wanga wanditumizira chithunzi cha pepala la ECG pa WhatsApp. Ndikungoona mizere yokwera ndi kutsika. Ndingadziwe bwanji ngati mtima ukuthamanga, ukuchedwa kapena ukudumphadumpha?

Yankho: Musayeze ndi rula pafoni, poti chithunzi chimakula ndi kuchepa malinga ndi zala zanu. Werengani mabokosi a papepalalo, chifukwa iwo amakulira limodzi ndi mizereyo.

Yambani mwayang'ana m'mphepete mwa pepala, nthawi zambiri chakumunsi, pamene palembedwa 25 mm/s. Limenelo ndi liwiro limene makina ankatulutsira pepala. Pa liwiro ili, bokosi lalikulu, lija lili ndi timabokosi tisanu m'litali mwake, ndi masekondi 0.2, choncho mabokosi 300 ndi mphindi imodzi. Kenako pezani mzere wautali wakumunsi, umene kawirikawiri umalembedwa II. Nsonga zazitali zosongoka zija zimatchedwa R, ndipo iliyonse ndi kugunda kumodzi.

Werengani mabokosi aakulu kuchoka pa R imodzi kufika pa yotsatira, ndiye mugawe 300 ndi nambalayo. Mabokosi anayi ndiye kuti mtima ukugunda ka 75 pa mphindi, zimene zili bwino, pakuti munthu wamkulu atapuma umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100. Mabokosi awiri ndi ka 150, ukuthamanga. Mabokosi 6 ndi ka 50, ukuchedwa, ngakhale ena olimbitsa thupi kwambiri amakhala pamenepo ali bwinobwino. Koma mukaona 50 mm/s, gawani 600 m'malo mwa 300. Pamenepa ambiri amasochera, n'kumaona ngati mtima wabwino ukuchedwa.

Kuwerengera kumeneku kumagwira nsonga zikatalikirana mofanana. Ngati mpata woyamba uli mabokosi atatu, wotsatira asanu, wina awiri ndi theka, popanda dongosolo, werengani nsonga zonse za m'mabokosi 30, omwe pa liwiro la 25 mm/s ndi masekondi 6, muchulukitse ndi 10. Mukapeza nsonga 11, ndi pafupifupi ka 110. Onaninso ngati R iliyonse ikutsogoleredwa ndi kachulu kakang'ono kotchedwa P. Kakasowa paliponse, mipata n'kukhala yosiyanasiyana chonchi, adokotala amaganizira vuto la kunjenjemera kwa zipinda zapamwamba za mtima, limene makina ena amalemba AF.

Chithunzi nachonso chimanama. Chojambulidwa chammbali chimapanikiza mabokosi akutali, ndipo WhatsApp imafufutitsa timizere tating'ono. Auzeni alongo anu ayale pepala patebulo, ajambule foni ili pamwamba penipeni, osayatsa fulashi, atumize ngati Document. Mzere wonyenyeka ngati mano a sowo nthawi zina umabwera wodwala akamanjenjemera kapena waya ukasomphoka pakhungu.

Ine ndimakonza makinawa, koma kunena matenda ndi ntchito ya amene anawayeza mayi. Ngati akumva kuwawa pachifuwa, akubanika kapena akomoka, abwerere kuchipatala pompano, pepala lenilenilo ali nalo m'manja.