Kamzere kakuda komwe wodwala alibe

"Ndikuphunzira ntchito yojambula ekisire. Chithunzi chikatuluka mwachimbuuzi ndimachikonza pakompyuta mpaka chiwoneke bwino, koma aphunzitsi anandiletsa kuchinola kwambiri. Cholakwika n'chiyani, poti ndikungothandiza adokotala kuti aone?"

Aphunzitsi anuwo ndikugwirizana nawo, ndipo ndikupatsani chitsanzo chimodzi chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri.

Pakompyuta, chithunzi ndi timadontho tambirimbiri, kalikonse kokhala ndi nambala yosonyeza kuwala kwake. Mukawalitsa chithunzi chonse mofanana, simunawonjezere kanthu, mwangoonetsa zomwe makina anajambula kale. Kunola n'kosiyana. Kompyuta imatenga kadontho n'kukayerekeza ndi tinzake toyandikana nako, kenako imakulitsa kusiyanako.

Tiyerekeze kuti tajambula munthu amene anamuika chitsulo m'chiuno. Tinene kuti fupa lili pa 100, chitsulo, chomwe chimaoneka choyera mbuu, chili pa 200. Kadontho ka fupa kogundana ndi chitsulo kali pa 100, koma kompyuta ikasakaniza manambala a malo ozungulira imapeza mwina 130. Ndiye imati kadonthoka n'kakuda kuposa tinzake ndi 30, n'kukatsitsanso ndi 30 yomweyo kufika pa 70. Zikachitika m'mphepete monse, pamatuluka kamzere kakuda kozungulira chitsulo. M'thupi la wodwalayo mulibe mpata uliwonse. Kamzereko kabadwira m'kompyuta.

Tsoka lake n'lakuti chitsulo chikayamba kugwedera m'fupa chimaonekanso chimodzimodzi. Madokotala amakayikira kwambiri kamzere kakuda kakapitirira mamilimita 2 m'lifupi, kapena kakamakula poyerekeza ndi zithunzi zakale. Tsono taganizani, adokotala sanauzidwe kuti mwanola, ndipo wodwalayo akudandauladi ululu. Angathe kuyamba kumuyeza zina zosafunika, ngakhale kuganiza za opaleshoni yachiwiri. Komanso kamzere konamako kangathe kuphimba kampata kenikeni kakang'ono.

Kuzindikira n'kotheka. Kamzere konama kamakhala kosalala, kukula kwake kofanana ponseponse, ndipo kamatsata chitsulo ngakhale pamene palibe fupa. Yang'anani chilembo chachitsulo chosonyeza kumanja kapena kumanzere chija: ngati nacho chazunguliridwa ndi mdima, mwanola mopitirira. Bwererani ku chithunzi choyambirira, muchepetse kunolako. Kamzere konama kamazilala, mpata weniweni umatsala pomwepo. N'chifukwa chake chithunzi choyambirira sichifufutidwa, ndipo chilichonse chomwe mwasintha chizilembedwa.

Asayansi nawo lamulo lawo ndi lomweli. Magazini ya Journal of Cell Biology inalemba mu 2004 kuti kusintha kuwala n'kololedwa ngati kwachitika pachithunzi chonse ndipo sikukubisa kanthu, koma kukometsa, kuchotsa, kusuntha kapena kuikapo chinthu pamalo amodzi n'koletsedwa.

Za chimbuuzicho, fufuzani gwero lake. Ngati wodwala anagwedezeka pojambulidwa, zomwe zinatayikazo kompyuta singazibweze, ingangopeka. Kambiranani ndi aphunzitsi anu ngati n'koyenera kujambulanso, pokumbukira kuti kujambula kulikonse kumawonjezera cheza m'thupi la munthuyo.