Muvi wa S1 ndi umene unatigwetsa

"Abale, ndapatsidwa ditekita ya 101 yolowerana, ya Mealy. Dayagiramu ndajambula, koma ndifika bwanji pa maikwezhoni a fulipufulopu ya D?"

Achimwene, musanakhudze maikwezhoni yang'ananinso muvi wochoka pa S1, siteti yoti mwaona 1, pamene biti yolowa X ili 1. Ife unatiliza umenewo. Mnzathu wina wa m'gulu, uja wodziwa zonse, anaubwezera ku S0, siteti yoyambira, akuti 11 mulibe mu 101 ndiye tiyambirenso. Tinamuuza kuti 1 wachiwiriyo akhoza kukhala chiyambi cha 101 watsopano, iye ayi ndithu, mpaka kutikwezera mawu. Tsiku loonetsa, kutentha kwa Salima kuja, thukuta lili kamukamu, aphunzitsi sanayese n'komwe 101. Anangolowetsa 1101. Kababu zii. Anabwereza, ziibe. Makina anapita S1, kubwerera S0, kukhala pa S0, kenako S1, ndiye 101 wadutsa osaonedwa. Mwini muvi uja anayamba kugwedeza mawaya, eti mwina chipu ya mafulipufulopu, 7474, yapsa. Sinapse! Mamakisi anapita, ndipo mpaka lero sanapepese.

Masiteti ndi atatu: S0 simunaone kanthu, S1 mwaona 1, S2 mwaona 10. Atatu amafuna mafulipufulopu awiri, ndiye apatseni Q1Q0 motere: 00, 01, 10. Muvi uliwonse ukhale mzere wake m'tebulo:

```
Q1Q0 X | D1 D0 Z
 00  0 | 0  0  0
 00  1 | 0  1  0
 01  0 | 1  0  0
 01  1 | 0  1  0
 10  0 | 0  0  0
 10  1 | 0  1  1
```

Ubwino wa D ndi woti zimene mwaika pa D ndi zomwe Q imakhala kiloko ikagunda, choncho siteti yotsatira ndiyo D1 D0 yomweyo. Mzere wotsirizawo ukupita ku S1 osati S0, ndiko kulowerana kumene akufunako. Pa mapu a Karnaugh, mabokosi a 11 muwatenge monga mmene angakuthandizireni, popeza siteti imeneyo sitikuigwiritsa ntchito. Zitsala izi:

```
D1 = Q0·X'
D0 = X
Z  = Q1·X
```

Mukapeza D0 = X·Q0', dziwani kuti mwajambula muvi wa mnzathu uja.

Koma 11 musaiiwaliretu. Poyatsa, mafulipufulopu akhoza kudzukira pomwepo, ndipo X ikakhala 1 Z iyaka yabodza, ndiye ikani riseti yoyambitsira pa 00. Yesani ndi pensulo 1101, Z iyake pa biti yomaliza, kenako 10101, iyake kawiri.

Zamagulu izi ine ndinasiya, pangani nokha. Komabe dayagiramuyo mupatseko mnzanu aione musanalumikize waya ngakhale mmodzi.