Mawu ofufuzira samasuliridwa ndi dikishonale

"Ndalemba pepala la kafukufuku m'Chichewa, lokhudza malungo ndi kuchepa kwa magazi pakati pa amayi oyembekezera. Magazini yomwe yalilandira ikufuna chidule cha m'Chingerezi cha mawu osapitirira 250, ndi mawu ofufuzira asanu. Mnzanga wodziwa Chingerezi wandimasulira kale, ndipo ndakutumizirani zomwe walemba. Kodi zili bwino? Mantha anga ndi akuti pepala lingatuluke koma anthu osalipeza."

Mayi, ndawerenga zomwe mwatumiza. Chingerezi cha mnzanuyo n'chosalala, ndipo pa galamala sindinapezepo chokonza. Koma musatumize kaye. Mwa mawu ofufuzira asanu aja, amodzi angaponye pepala lanu m'gulu la mapepala osakhudzana ndi nkhani yanu, awiri ndi mawu amene ofufuza salemba kawirikawiri akamasaka, ndipo ena amodzi akufunika kuti inu eniake muyankhe funso tisanawamasulire.

Nkhokwe zikuluzikulu za kafukufuku siziwerenga pepala lonse. `PubMed` imasunga mutu, mayina a olemba, chidule ndi mawu ofufuzira, ndipo munthu akamasaka imayang'ana m'zimenezi. `Scopus` nayo, ukangoitsegula, imayamba ndi kusaka mu mutu, chidule ndi mawu ofufuzira. `Google Scholar` imalowa mpaka m'kati mwa pepala ikalipeza, koma kwa inu zimenezo sizithandiza kwenikweni, chifukwa m'katimo muli Chichewa pomwe wosakayo walemba Chingerezi. Choncho masamba anu onse aja adzaimiriridwa ndi mutu, mawu 250 aja ndi mawu ofufuzira okha. Liwu limene mulibe m'menemo, kwa wosaka zili ngati simunalilembe n'komwe.

Tiyambe ndi mawu amene andidetsa nkhawa kwambiri. "Kuchepa kwa magazi" mnzanu walemba `blood shortage`. Liwu ndi liwu sanalakwitse. Koma talembani mawu awiriwo mu `PubMed` muone zomwe zituluke: mapepala onena za kusowa kwa magazi m'malo osungira magazi, za anthu opereka magazi, za zipatala zomwe zatha magazi oika odwala. Pepala lanu likakhala pakati pa amenewo, amene angalipeze ndi anthu osalifuna, pomwe dokotala wofufuza za amayi apakati ofooka chifukwa chochepa magazi m'thupi adzalemba `anemia` ndipo sadzakumana nalo.

Njira yopewera zimenezi ndi kusiya dikishonale n'kupita ku mndandanda wa mawu umene akatswiri a gawo lanu amagwiritsa ntchito posanja mapepala. Ku zaumoyo mndandandawu ndi `MeSH`, umene amausamalira ndi a laibulale ya zachipatala ya dziko la America, ndipo amaukonzanso chaka chilichonse. Ndi waulere. Mumatsegula `MeSH Browser`, n'kulemba liwu lomwe mukuliganizira. Pa ganizo lililonse pali liwu limodzi lovomerezeka, ndipo pansi pake pali mawu ena otanthauza zomwezo, olembedwa pamalo otchedwa `Entry Term(s)`. Palinso tanthauzo lalifupi, `Scope Note`, limene anthu ambiri amalidumpha koma ndi limene limakuuzani ngati liwulo likunenadi zomwe inu mukunena. Anzathu a zaulimi ali ndi `AGROVOC` ya bungwe la FAO, a zamaphunziro ali ndi mndandanda wa `ERIC`. Kagwiritsidwe ntchito kake n'kofanana.

Ndayesa mawu anu ena motero. "Neti zonyikidwa m'mankhwala" zinamasuliridwa kuti `medicated nets`, pomwe liwu la mu `MeSH` ndi `Insecticide-Treated Bednets`. "Kusikelo" mnzanu waika `weighing clinic`, ndipo ndamumvetsa, poti dzinalo linachokeradi ku sikelo yoyezera kulemera. Koma olemba mapepala amati `antenatal care`, ndipo `MeSH` imalozera mawuwa ku `Prenatal Care`. Pa "amayi oyembekezera" walemba `expectant mothers`, zomwe si zolakwika, kungoti `Pregnancy` ndi liwu limene limakoka mapepala ambiri a nkhaniyi.

Tsopano malungo. Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa vuto lake si la Chingerezi ayi, lili m'Chichewa mwathu momwemu. Tonse tikudziwa kuti munthu akati "ndadwala malungo" nthawi zina akunena matenda obwera ndi udzudzu aja, koma nthawi zina akungonena kuti thupi latentha, mutu ukuwawa, m'mfundo mukuphwanya. Mnzanu waika `malaria` paliponse. Funso langa kwa inu ndi ili: amayi a m'kafukufuku wanu munawayeza magazi, kapena munawafunsa pakamwa ngati anadwalapo malungo? Ngati munayeza, kaya ndi kachipangizo koyezera mwachangu kaya ndi maikulosikopu, `Malaria` ndi yolondola, ndipo njira yoyezerayo muitchule m'chidule. Koma ngati munangofunsa, chidule chinene poyera kuti ndi `self-reported malaria`, kapena `self-reported fever` ngati funso lanu linali la kutentha thupi. Mukapanda kutero, pepala lidzapezeka ndithu, koma wina wosonkhanitsa mapepala ambiri kuti aphatikize zotsatira zake adzalitsegula, n'kuona kuti palibe amene anayezedwa, n'kulitaya pambali ngati pepala lolonjeza zomwe lilibe. Womasulira sangayankhe funso limeneli payekha, ngakhale atadziwa bwanji Chingerezi. Yankho lili m'gawo la njira za kafukufuku, ndipo n'chifukwa chake ine sindivomera kumasulira chidule ndisanaone pepala lonse. Ndinalakwitsapo zotere kalelo, nditapatsidwa ndime imodzi yokha n'kuuzidwa kuti n'zachangu. Mwini pepala anazindikira litasindikizidwa kale.

Tinene kuti munayeza. Mawu anu asanu akhale awa:

```
Malaria; Anemia; Pregnancy; Insecticide-Treated Bednets; Prenatal Care
```

Mwina mwaona kale kuti ndalemba `anemia` pomwe ambiri a ife tinaphunzira kulemba `anaemia`. Kalembedwe koyamba n'ka ku America, kachiwiri n'ka ku Britain, ndipo `MeSH` imatsata ka ku America. Munthu akangolemba liwu lokha mu `PubMed`, pulogalamu imamuthandiza posaka kalembedwe konse kuwiri. Koma akatswiri osaka mwadongosolo amakonda kumangirira kachizindikiro kumapeto kwa liwu, monga `anaemia[tiab]`, kutanthauza kuti lisakidwe mu mutu ndi m'chidule, ndipo akatero thandizo lija limazima: chimene chimasakidwa ndi zilembo zomwe walembazo basi. Ubwino wake, mu `PubMed` chizindikiro chimenechi chimafikanso ku mawu ofufuzira a mlembi. Ndiye ngati magazini yanu imalemba Chingerezi cha ku Britain, m'chidule lembani `anaemia` ndi `antenatal care`, pa mawu ofufuzira muike `Anemia` ndi `Prenatal Care`. Mwatseka njira zonse ziwiri popanda kuwononga liwu ngakhale limodzi mwa 250 aja.

M'chidule mwenimwenimo muli kachizolowezi kamodzi koti mukachotse. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza liwu n'kusowa luso, ndipo mnzanu wamvera: neti wazitcha mayina atatu osiyana m'ndime imodzi. M'nkhani yopeka zimenezo n'zokoma. M'chidule, wowerenga amayamba kudzifunsa ngati mukunena zinthu zitatu kapena chimodzi. Sankhani dzina limodzi, lomwe lija la mu mndandanda kapena lofanana nalo kwambiri, mulilembe lathunthu poyamba pamodzi ndi chidule chake `ITN`, kenako musasinthenso. Izi zakula mphamvu kuyambira 2022, pamene ntchito yopatsa mapepala a mu `MEDLINE`, gawo lalikulu la `PubMed`, mawu a `MeSH` inayamba kugwiridwa ndi pulogalamu ya kompyuta, yomwe imadalira mutu ndi chidule. Mukalemba `blood shortage`, musayembekezere kuti pulogalamuyo ilota kuti mumanena matenda.

Manambala onse a m'chidule cha Chichewa abwere m'Chingerezi osasintha, ndipo dzina la dziko ndi chigawo komwe munachitira kafukufuku lioneke, poti ambiri amasaka ndi dzina la malo. Mawu akachuluka kupitirira malire, dulani ziganizo zoyambirira zofotokoza kukula kwa vuto. Njira ndi zotsatira musazikhudze.

Musanatumize, yesani ngati mmene angasakire mlendo amene sakudziwani. Lembani izi mu `PubMed`:

```
malaria AND anemia AND pregnancy AND insecticide-treated bednets
```

Yang'anani mapepala makumi awiri oyamba. Kodi mukuonapo ena mwa mapepala amene munawatchula m'pepala lanu? Ngati alipo, mwafika pagulu loyenera. Ngati zotuluka zili zachilendo zokhazokha, kapena n'zochepa modabwitsa, liwu limodzi lili ndi vuto. Chotsani limodzilimodzi mpaka mulipeze. Kenako pitani pa `Advanced`, mutsegule `Details` pansi pa `History and Search Details`. Pamenepo mudzaona mmene makina amvera mawu anu. Liwu likalumikizidwa ndi `MeSH`, mudzaona `[MeSH Terms]` pambali pake. Likangotuluka ndi `[All Fields]` yokha, ndiye kuti silinalumikizidwe ndi liwu lililonse la mu mndandanda, ndipo muliganizirenso. Chinanso chosavuta: tsegulani mapepala atatu ofanana kwambiri ndi lanu, mutsike pansi pomwe alemba `MeSH terms`, muone mawu amene anapatsidwa. Nthawi zambiri mumapezamo liwu limene simunaliganizire.

Ndisakunamizeni, mawu abwino salowetsa pepala mu `PubMed` kapena `Scopus`. Nkhokwe zimenezi zimasankha magazini, osati pepala limodzilimodzi, choncho funsani akonzi kuti magazini yawo imapezeka kuti. Ngati siili m'menemo, ntchito yomwe tagwirayi sinapite pachabe, chifukwa mawu omwewa ndi amene anthu a zaumoyo amalemba mu `Google Scholar`.

Chotsala ndi tsamba lotumizira. Magazini ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya `OJS`, imene imatha kupereka malo osiyana a chilankhulo chilichonse ngati akonzi anaitchera motero. Mutu wa Chingerezi ulowe m'malo mwake, wa Chichewa m'malo mwake. Musaziphatikize m'bokosi limodzi, chifukwa makina adzatenga zonsezo ngati mutu umodzi wautali. Pomwe afunsa chilankhulo cha pepala, chizindikiro cha Chichewa ndi `ny`, kapena `nya` ngati akufuna zilembo zitatu. Mawu ofufuzira a Chichewa musawafufute, alipo ophunzira amene adzasaka "malungo" kumene. Ndipo mutu wa Chingerezi mukangoukhazikitsa, ukhale womwewo pa `ORCID` yanu, lomwe ndi tsamba lokuzindikiritsani ngati wofufuza, m'nkhokwe ya yunivesite ndi kwina kulikonse, chifukwa mitu iwiri yosiyana imatha kuchititsa kuti `Google Scholar` ione mapepala awiri n'kugawa pakati chiwerengero cha anthu okutchulani.

Ndiyankheni za kuyeza magazi zija, ndipo munditumizirenso gawo la njira za kafukufuku, kuti tikonze chiganizo chachiwiri cha chidulecho.